Kuwerengera nthawi ya ulendo wokwera phiri

Musanakwere phiri la Mulanje, musawerengere mtunda wokha. Lamulo lowerengera nthawi ya ulendo, lomwe wokwera mapiri wa ku Scotland William Naismith anakonza mu 1892, limapereka ola limodzi pa makilomita 5 alionse, kuphatikizaponso ola limodzi pa mamita 600 alionse okwera. Mukati muyende makilomita 10 n'kukwera mamita 1,200, mtundawo udya maola 2, chikweza chidyanso maola 2, motero muyembekezere maola 4 osawerengera kupuma.

Kutsika nako kumapusitsa ambiri. Pamatsitso oyenda bwino chotsani mphindi 10 pa mamita 300 alionse otsika, koma pamene patsetsereka kwambiri, makamaka pamatanthwe oterera mvula ikagwa, wonjezerani mphindi 10 pa mamita 300 alionse otsika chifukwa mawondo amalema. Ngati mwasenza katundu wolemera, werengerani makilomita 4 pa ola.