Momwe mungawerengere nthawi yodikira kasitomala pa kiyosiki yanu

Achemwali anga ali ndi kakiyosiki kotumizira ndalama pafoni ku Area 25, ndiye funso lawo la tsiku ndi tsiku ndi lomweli, ndikachokapo maminitsi 10 kukagula tchipisi adutsa makasitomala angati? Yankho lilipo ndithu, mungofunika kope, wotchi ya pafoni ndi kakyuleta yokhala ndi batani la e.

Choyamba lembani nthawi yomwe kasitomala aliyense wafika, koma sankhani chigawo chimodzi cha tsiku, mwachitsanzo 9 koloko mpaka 11 m'mawa, kwa masiku angapo. Tiyerekeze kuti m'maola 10 mwalemba anthu 120. Ndiye kuti pa ola akubwera 12, pa miniti ndi 0.2. Nambala imeneyi amasamu amailemba λ, amati lamuda.

Chachiwiri itembenuzeni: 1/λ = 1/0.2 = maminitsi 5. Imeneyo ndi avereji ya mpata wa pakati pa kasitomala ndi mnzake wotsatira. Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka, amayesa kuti ndiye anthu azibwera 9:05, 9:10, 9:15 ngati belu la kusukulu, ayi ndithu, anthu osadziwana aliyense akuyenda zake amafika mowunjikana kenako zii kwa kanthawi. Mipata yaifupi imachuluka, yaitali imakhala yochepa koma yaitalidi. Kagawikidwe kotere ndi komwe amati ekisiponensho.

Chachitatu, ndipo apa ndi pagona nkhani yonse, kunena kuti "ndadikira kuposa maminitsi 10" ndi chimodzimodzi kunena kuti "m'maminitsi 10 sanabwere munthu olo mmodzi". Ndi chinthu chimodzi, wina akuyang'ana wotchi wina akuwerenga mitu ya anthu. Choncho mwayi wake ndi umodzi: e^(−λt), pomwe t ndi maminitsi omwe mwadikira ndipo e ndi nambala yokhazikika ya masamu, pafupifupi 2.718. Kwa ife λt = 0.2 × 10 = 2, ndipo e^(−2) = 0.135. Achemwali akachokapo ka 100, ndi maulendo ngati 14 okha omwe angabwerere osaphonya aliyense. Atamva zimenezi tchipisi anayamba kutuma mwana.

Yesaninso ndi maminitsi 5, mupeza e^(−1) = 0.368. Kutanthauza kuti pa mipata 100, pafupifupi 63 ndi yosakwana maminitsi 5 ngakhale avereji ndi 5 yomweyo, mipata yaitali ija ndi yomwe imakokera avereji m'mwamba.

Chachinayi werengani mitu. Mipata ikakhala ya ekisiponensho ndipo wina sudalira unzake, chiwerengero cha anthu obwera mu nthawi t chimatsata lamulo la Poisson, dzina la katswiri wa masamu wa ku France yemwe analifalitsa mu 1837: P(k) = e^(−λt) × (λt)^k / k!, pomwe P(k) ndi mwayi woti abwere anthu k, ndipo k! ndi kuchulukitsa 1 × 2 × 3 mpaka kufika pa k, koma 0! amaitenga ngati 1. Mukaika k = 0 mubwerera pa 0.135 uja, mwaona kulumikizana kwake? Munthu mmodzi ndi 0.271, awiri ndi 0.271, ndiye atatu kapena kuposa ndi zotsalazo, 0.323, pafupifupi ulendo umodzi pa atatu. Ngati muli ndi Excel lembani chonchi kuti mupeze za anthu 0 ndi za anthu awiri:

```
=EXP(-0.2*10)
=POISSON.DIST(2,2,FALSE)
```

Pali china chomwe chimavuta kuchivomereza ndipo ineyo chinanditengera nthawi. Mwakhala maminitsi 15 osaona munthu, mtima ukuti basi pano akubwera, koma masamu akuti mwayi woti mudikirenso maminitsi 10 ukadali 0.135 womwewo. Kasitomala yemwe akuchokera kumsika sakudziwa kuti inu mwadikira nthawi yaitali bwanji, ndiye angafulumire chifukwa chani?

Chomaliza onetsetsani kuti kiyosiki yanu ikutsatadi zimenezi. Gawani kope lanu m'zigawo za maminitsi 10 muone kuti ndi zingati zopanda munthu. Maola 10 aja ndi zigawo 60, zopanda munthu ziyenera kukhala cha m'ma 8. Mukapeza 25 pomwe zigawo zina zili ndi anthu 7 kapena 8, ndiye kuti anthu anu akubwera m'magulu, mwina muli pafupi ndi siteji, minibasi ikatsitsa onse amathamangira kwa inu nthawi imodzi, ndipo fomula iyi ikunamizani. Vuto lina ndi kusakaniza nthawi. Kumapeto kwa mwezi anthu atalandira, λ si yofanana ndi ya pa 15, ya masana si ya m'mawa, netiweki ikavuta kenako n'kubwerera anthu amakhamukira limodzi. Chigawo chilichonse chikhale ndi tsamba lake m'kope ndi λ yakeyake, ndipo tchipisi mukagule pa chigawo chomwe λ yatsikitsitsa.