Fomu ya ku America, pepala la kuno: momwe mungasinthire mainchi kukhala mamilimita musanapulinte

Mafomu ambiri ochokera ku America ndi ku Canada, kaya ndi a sukulu, a ntchito kapena a viza, anakonzedwa kuti akwane pa pepala lotchedwa Letter. Ife kuno ku Lilongwe, rimu iliyonse imene mungagule ku Old Town kapena ku City Centre ndi ya A4. Mapepala awiriwa mukawaona patali amaoneka ofanana, koma mukawasanjikiza mupeza kuti Letter ndi lotakata pang'ono komanso lalifupi, pamene A4 ndi lowonda ndi lalitali. Anzathu aja amayeza m'mainchi, ife rula yathu timaiwerenga m'masentimita ndi m'mamilimita. Ndiye musanapite ku shopu yopulinta, khalani pansi kaye muwerengere nokha.

Nambala yoti muisunge m'mutu ndi imodzi basi: inchi imodzi ndi mamilimita 25.4. Si yongoyerekeza ayi, maiko olankhula Chingerezi anagwirizana m'chaka cha 1959 kuti inchi ikhale imeneyi ndendende. Choncho chilichonse chimene chalembedwa m'mainchi muchichulukitse ndi 25.4 pa kakyuleta ya pafoni yanu.

```
8.5 x 25.4 = 215.9
11 x 25.4 = 279.4
```

Pamenepo mwapeza kuti Letter, amene amalembedwa kuti 8.5 x 11, ndi mamilimita 215.9 m'lifupi ndi 279.4 m'litali. A4 wathu ndi 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Ndiye kuti Letter amaposa A4 ndi mamilimita pafupifupi 6 m'lifupi, koma amaperewera ndi pafupifupi 18 m'litali. Kusiyana kwa m'litaliko sikuvuta, kumangosiya malo opanda kanthu. Komwe kumabala mavuto ndi kwa m'lifupi, chifukwa tsamba la fomuyo ndi lotakata kuposa pepala limene mukufuna kuliikapo.

Ambiri m'mashopu amangoti inchi ndi masentimita awiri ndi theka. Pa kanthu kakang'ono zimenezi zimaoneka ngati zilibe vuto, koma yesani pa mainchi 11: mupeza 275 m'malo mwa 279.4, mwataya mamilimita oposa anayi. Munthu akakudulirani pepala ndi masamu otere, pulinta idzalikoka mokhota kapena mzere wam'munsi udzagwera kunja. Musalole, muuzeni 25.4.

Musangoganiza kuti fomu iliyonse yakunja ndi ya Letter. Za ku Britain, ku Germany, ku South Africa ndi maiko ena ambiri zimabwera pa A4, ndipo zimenezo ingopulintani. Kuti mudziwe, tsegulani PDF yanu mu Adobe Acrobat Reader, pitani pa File kenako Properties, muone pamene alemba Page Size. Pakakhala 8.50 x 11.00 in, ndi Letter. Pakakhala 8.27 x 11.69 in, musadabwe, ameneyo ndi A4 yemweyu atangovala mainchi. Nthawi zina mupeza 8.50 x 14.00 in. Ameneyu ndi Legal, mamilimita 215.9 ndi 355.6, wautali kwambiri moti pa A4 sangakwane popanda kuchepetsedwa kwambiri.

Kenako werengani malangizo a eni fomu. Ngati sanatchule kukula kwa pepala, ndipo pa fomupo palibe bokosi lomatapo chithunzi kapena china chofunika muyezo wake, A4 amagwira ntchito bwinobwino. Ngati alemba kuti akufuna pepala la 8.5 x 11, ndiye mufunika kudula pepala, ndifikako kumeneko.

Pamene zinthu zimasokonekera kwenikweni ndi pa kabokosi kamene kamatuluka mukadina Print. Pali mawu atatu oyandikana: Fit, Actual size ndi Shrink oversized pages. Makompyuta ambiri a m'mashopu amakhala ali pa Fit, chifukwa tsiku lonse amapulinta makalata ndi manotsi a ana asukulu, ndipo palibe amene amadandaula. Fit amachepetsa tsamba lonse kuti likwane pa pepala limene lili mu pulinta. Kuti 215.9 alowe mu 210, tsamba liyenera kutsika kufika pa 97 peresenti. Koma pulinta siilemba mpaka m'mphepete mwenimweni, imasiya mamilimita anayi kapena asanu mbali zonse, ndiye Fit amatsitsanso, mpaka cha m'ma 94 peresenti malinga ndi pulintayo. Shrink oversized pages nayenso amachita zomwezo pa tsamba la Letter, poti kwa iye tsambalo ndi lalikulu kuposa A4.

Choipa chake n'chakuti ndi maso simungaone. Zinandichitikira pa shopu ina ku Old Town. Fomu inali ndi bokosi la chithunzi la mainchi awiri mbali zonse, ndipo mnyamata wa pakompyuta anaipulinta yoyera bwino, palibe chilembo chimene chinadulidwa. Nditafika kunyumba kuti ndimate chithunzi, chinasefukira kunja kwa bokosi n'kuphimba mawu a m'mbali mwake. Chithunzicho chinali cholondola, mamilimita 50.8. Nditayeza bokosilo ndi rula, linali losakwana 48. Werengani nokha: 50.8 kuchulukitsa ndi 0.94 ndi 47.8. Ngakhale akanachepetsa kufika pa 97 peresenti yokha, bokosilo likanakhala 49.3, loperewerabe. Nditabwerera, mnyamatayo anati, "Bwana, makina ndi amene amasankha okha." Zoona amasankha okha, koma pokhapokha munthu akawalekerera. Ndinamupempha kuti, "Achimwene, tadinani apo pa Actual size," ndipo tsamba linatuluka bokosi lili m'malo mwake.

Actual size amasiya chilichonse pa muyezo wake weniweni. Mukaika tsamba la Letter pakati pa A4, mamilimita pafupifupi atatu amagwera kunja kumanzere, ena atatu kumanja. Mafomu ambiri amasiya malo opanda kanthu m'mbali okwana theka la inchi, amene ndi mamilimita 12.7, kapena inchi yathunthu, ndiye chimene chimadulidwa ndi poyera pokha. Komabe yang'anitsitsani chithunzi chaching'ono cha tsamba chimene chimaoneka pambali musanadine Print. Mukaona kuti nambala ya tsamba, mzere wa m'mphepete kapena bakodi yayandikira kwambiri kumapeto, imani kaye. Bakodi yodulidwa mbali imodzi makina sangaiwerenge. Zikatero, ngati fomuyo ilibe chofunika muyezo, sankhani Custom Scale n'kulemba 97 nokha, kusiyana ndi kusiyira Fit kuti atsitse mmene akufunira.

Dziwaninso kuti kuchepetsa kumatha kuchitika kawiri. Adobe akhoza kukhala pa Actual size, koma mkati mwa Properties za pulintayo muli chosankha china, chimene ena amachitcha Fit to Page, ena Scale to Fit, n'kukhala chili choyatsa. Ndipo mukatsegula PDF mu Chrome kapena kuitumiza kuchokera pafoni, nakonso kuli Scale yakeyake. N'chifukwa chake ine ndimayenda ndi rula m'chikwama. Pulintani tsamba limodzi lokha, muyeze chinthu chimene muyezo wake mukuudziwa, monga bokosi la chithunzi lija, muli pomwepo pa kauntala. Likakwana, auzeni apitirize masamba enawo. Kulipira tsamba limodzi loyesera n'kotchipa kuposa kupulintanso zonse, osawerengera ya minibasi yobwererera m'tauni. Mashopu ena amanyinyirika mukatulutsa rula, ena amafuna kukulipiritsani tsamba limene alakwitsa okha. Gwirizanani zimenezi musanawapatse fulashi.

Tsopano ngati eni fomu akufunadi pepala la Letter. Kuno silipezeka wamba, ndipo musataye tsiku mukulisaka. Wina akakuuzani kuti ali nalo, liyezeni kaye, chifukwa alipo amene angakupatseni A4 yemweyo atadula kumunsi kokha. Limenelo m'litali likwana, koma m'lifupi likhalabe 210. Njira yake ndi kugula A3, amene ndi mamilimita 297 ndi 420, n'kudula. Pepala limodzi la A3 limatulutsa Letter mmodzi yekha, chifukwa awiri angafune 431.8 pamene inu muli ndi 420, ndiye werengerani mtengo wake moyenera. Pitani kwa amene amamanga mabuku, ali ndi chodulira mapepala chachikulu chija, muwalembere pa kapepala kuti 216 ndi 279. Kachidutswa ka milimita kotsalako chodulira sichingakaone. Sizasi ayi, imasiya m'mphepete mokhotakhota ndipo pepala limakodwa mu pulinta.

Dulani kaye, kupulinta pambuyo. Ikani mapepala odulidwawo pa thireyi ya pambali ija yolowetsera pamanja, kankhani timapulasitiki togwira pepala kuti tiligwire bwino, ndipo pa Paper Size musankhe Letter. Pulinta ikaima n'kulemba Load Letter, ndiye kuti kompyuta mwaiuza koma thireyi simunaiuze, sinthaninso pa mabatani a pulintayo. Legal nayenso amatuluka mu A3 momwemu, 216 ndi 356.

Chithunzi cha viza ya ku America ndi mainchi 2 x 2, kutanthauza mamilimita 50.8 mbali zonse, ndipo eni ake amalemba kuti 51 x 51. Mutu, kuchokera kuchibwano kufika pamwamba pa tsitsi, uzikhala pakati pa inchi imodzi ndi 1 3/8. Pogawa 3 ndi 8 mupeza 0.375, ndiye 1.375 kuchulukitsa ndi 25.4 ndi 34.9, choncho mutuwo ukhale pakati pa mamilimita 25 ndi 35. Ku situdiyo mukangoti "chithunzi cha pasipoti" akhoza kukupatsani cha 35 x 45, chimene chimafunidwa ndi maiko ambiri a ku Ulaya. Tchulani manambala. Akamapulinta pa pepala la zithunzi la mainchi 4 x 6, auzeni azimitse Borderless, chifukwa imakulitsa chithunzi pang'ono kuti chidzaze pepala.

Ngati kalata yoperekeza fomu mukuilemba nokha mu Word, pitani pa Layout, Size, musankhe Letter musanayambe kulemba, apo ayi masamba adzasuntha. Kuti Word azikuonetsani mamilimita, ndi pa File, Options, Advanced, pamene alemba Show measurements in units of. Akati musiye inchi imodzi m'mbali, lembani 25.4 mm. Mukamaliza isungeni ngati PDF, musapite ndi fayilo ya Word ku shopu, kompyuta yawo idzaisintha. Ndipo ngati fomuyo mukaisayina mudzaitumiza pa intaneti, onetsetsani kuti pa sikana asankha pepala lomwe mwapulintapo, chifukwa Letter akasikanidwa ngati A4, mamilimita 6 aja a m'mbali amatsala kunja.