Mukapeza kuti munaiwala ndalama za lendi pa ritani yanu ya msonkho

Izi zimachitika kawirikawiri kwa anthu apantchito omwe ali ndi nyumba yochititsa lendi, kaya ku Area 25 kapena ku Kawale. Ritani munapereka kale ku MRA, koma munalembapo malipiro okha. Musadikire chaka chamawa kuti mudzaphatikize ndalamazo pa ritani ya chakacho, chifukwa msonkho umawerengedwa pa chaka chimene ndalamazo zinapezedwa.

Yambani ndi sitetimenti ya kubanki ndi ya Airtel Money kapena Mpamba. Tiyerekeze lendi ndi K300,000 pamwezi: pachaka ndi K3,600,000. Chotsanipo zimene munawononga posamalira nyumbayo, monga kukonza denga lodontha, bola malisiti alipo. Kumanga chipinda chatsopano sikulowa pamenepa.

Pomwe ambiri amaphonya ndi apa. Zotsalazo siziwerengedwa pazokha, zimakwera pamwamba pa malipiro anu. Ngati gawo losadulidwa msonkho linatha kale ndi malipirowo, lendiyo imagwera pa mlingo wokwera womwe mwafikapo. Ngati wobwereka nyumbayo ndi kampani imene inkadula msonkho isanakulipireni, itanitsani setifiketi yake, apo ayi mulipira kawiri.

Kenaka lemberani kalata Komishonala Wamkulu wa MRA, yotchula TPIN yanu, chakacho, ndalama zoiwalikazo ndi msonkho wotsala. Ikaperekeni ku ofesi yawo ya mu Lilongwe pamodzi ndi maumboniwo, ndipo kope lanu alidinde. Funsani komweko ngati ritani yokonzedwayo ilowe kudzera pa Msonkho Online.

Lipirani msonkho wotsalawo mwachangu, pakuti chiwongoladzanja chimakula mukamachedwa. Kudziulula nokha MRA isanakutulukireni kumakupatsaninso poyambira popempha kuti akuchepetsereni chindapusa.