Posankha pakati pa malo awiri okacheza, yambani mwawerengera masiku

Anthu ambiri akamasankha pakati pa malo awiri oti akacheze amathamangira kuyerekezera mitengo ya matikiti, koma ine ndimaona kuti ndi bwino kuyamba mwawerengera masiku amene mukakhaledi kumaloko. Tiyerekeze kuti muli ndi tchuthi cha masiku 6, ndipo mukuganiza zopita kunyanja, komwe ndi ulendo wa masiku 2 kupita kokha, kapena kumapiri, komwe mumafika tsiku lomwelo. Mukachotsa masiku a panjira, kunyanja mutsala ndi masiku 2 okha, pomwe kumapiri mutsala ndi 4. Phatikizani ndalama za mayendedwe, malo ogona ndi chakudya, kenako muzigawe ndi masiku otsalawo, chifukwa malo ooneka otchipa amatha kupezeka kuti ndiwo odula.

Mukatero, fufuzani nyengo ya mwezi umene mudzapitewo. Ngati malo ogona kumapiriko atsika mtengo kwambiri, mwina chifukwa chake ndi mvula, ndipo njira zokwerera zikhoza kukhala zoterera kapena zotsekedwa. Komabe, ngati mtima wanu uli pa kusambira, musadzikakamize kupita kumapiri chifukwa cha masamu okha. Sunthani ulendowo mpaka mutapeza tchuthi chotalikirapo.