Musanasamukire ku Luwinga, werengani mtengo wa botolo limodzi

Bizinesi ikamakula, mtengo wopangira chinthu chimodzi umatsika, koma sutsika mpaka kalekale. Pali pomwe umaima, kenaka n'kuyamba kukweranso. Tione zimenezi pa chiponde. Ziwerengero zili m'munsizi ndi zachitsanzo chabe. Inu muikemo zanu.

Ndalama zotuluka zili pawiri. Zina zimatuluka ngakhale musanapange kanthu: lendi, malipiro a pamwezi, ngongole ya makina. Zina zimatsata botolo lililonse: mtedza, botolo, chitsekerero, mchere, shuga.

Mayi wa pa benchi mumsika wa Zigwagwa ku Mzuzu akupanga mabotolo 200 pamwezi. Chiphaso cha msika ndi zina zosasintha zikudya K60,000, kutanthauza K300 pa botolo. Mtedza amagula pandowa kwa mavenda, mabotolo amagula ochepaochepa, ndiye zotsata botolo zikufika K1,700. Botolo limodzi lamudyera K2,000.

Akachita lendi kachipinda ku Chibavi, n'kugula makina opera ndi kulemba anyamata awiri, zosasintha zikwera kufika K400,000. Ambiri amachita mantha apa, koma ndalamayo ikugawidwa pa mabotolo 2,000, ndiye ndi K200 yokha pa botolo. Phindu lalikulu lili pa kagulidwe. Tsopano angathe kupita ku Jenda kapena ku Kasungu nthawi yokolola, n'kugula matumba a makilogalamu 50 mtengo usanakwere, ndipo mabotolo akuoda pachipiku. Zotsata botolo zitsika kufika K1,400, botolo lonse K1,600. Ntchito nayo yagawika: wina akusankha ndi kukazinga, wina akupera ndi kuthira, palibe amene akuzimitsa moto kuti athamangire kasitomala.

Apa ndi pomwe mtima umayamba kulakalaka fakitale ku Luwinga, dera la mafakitale ku Mzuzu. Tinene kuti fakitaleyo ingathe kupanga mabotolo 10,000, ndipo zosasintha ndi K3,000,000 pamwezi: nyumba, magetsi a mafezi atatu, kapitawo, mlonda, wowerengera ndalama, zofunika kuti katundu akhale ndi chizindikiro cha MBS, bungwe loona za ubwino wa katundu. Ikamagwira ntchito mokwanira, imeneyo ndi K300 pa botolo, kuphatikiza K1,250 ya zotsata botolo, zonse K1,550. Mwaona? Kukula kasanu kwangopulumutsa K50. Ndipo oda akachepa n'kupanga 5,000 okha, zosasintha zikhala K600 pa botolo, mtengo n'kufika K1,850. Makina ogona amadyabe ngongole.

Ngakhale fakitale itadzaza, kukula kumabwera ndi ndalama zake zomwe ku Chibavi kunalibe. Mzuzu yekha mwina sangamalize mabotolo 10,000, ndiye katundu ayenera kutsika Chiweta kupita ku Karonga, kapena kuyenda makilomita oposa 300 kukafika ku Lilongwe, komwe opanga chiponde ndi ambiri kale. Ikani K150 pa botolo ya mafuta ndi dalaivala. Masitolo akuluakulu nawo kawirikawiri salipira pompopompo ngati kasitomala wa pa benchi. Amatenga pangongole, inu mukudikira cheke pamene antchito akufuna malipiro pa 30.

Choopsa kwambiri ndi chuku. Mayi wa pa benchi amasankha mtedza pa lichero, njere yofota kapena yakuda amaiona n'kuitaya. Fakitale imagula kwa anthu ambiri, ena mwa iwo amanyowetsa mtedza kuti usaswekesweke pousenda kapena kuti ulemere pasikelo. Matumba amenewo akaunjikidwa pansi m'chinyezi cha Mzuzu, chuku chimafala, ndipo kukazinga sikuchotseratu poizoni wake wa afulatokisini. Thumba limodzi loipa likalowa m'makina, mtanda wonse wa tsikulo watayika. Motero pamafunika mapaleti, choyezera chinyezi ndi munthu woyang'anira zimenezi basi. Tiikepo K50. Botolo lija la K1,550 lafika K1,750, kuposa la ku Chibavi.

Zizindikiro zoti bizinesi yakula mopitirira zimaoneka msanga kwa amene akuyang'ana. Makina opera angathe makilogalamu 100 pa ola koma chokazingira chikutulutsa 40, anyamata opera angokhala pa matumba kudikira. Makilogalamu a mtedza olowa sakugwirizana ndi mabotolo otuluka, ndipo palibe akudziwa kuti zasowera pati. Mwini wake akutha tsiku akuweruza mikangano ya mashifiti, osapondako kosankhira mtedza.

Musanasaine lendi ya nyumba yaikulu, lembani mtengo wa botolo mwezi ndi mwezi kwa miyezi 6, ndipo muwerengere fakitaleyo ngati ikugwira theka la mphamvu zake, osati yodzaza. Ngati pa theka mtengo ukuposa wa lero, onjezani kaye shifiti yachiwiri pa makina omwe muli nawo, kapena gulani chokazingira chachiwiri. Zimenezo zingakufikitseni pa mabotolo 3,500 lendi ili yomweyo ya ku Chibavi.