Kalembedwe ka kalata yopempha ndalama za chakudya cha m'chubu

Malangizo awa ndi a namwino kapena katswiri wa zakudya amene ali ndi wodwala wokhalitsa m'wodi, wolephera kumeza, amene amadyera m'chubu cha m'mphuno. Za tsiku ndi siginecha mukuzidziwa kale. M'malo mwa dzina la wodwala ikani nambala ya fayilo yake.

Povuta ndi pa dzina la chakudyacho. Mukangolemba kuti "fomyula", a ku ofesi ya ndalama angaganize za mkaka wa makanda wa m'chitini. Lembani kuti ndi chakudya chamadzimadzi chokonzedwa kale ku fakitale, chopita m'mimba kudzera m'chubu, ndipo tchulani mphamvu yake. Chofala chimakhala ndi kalori 1 pa mililita iliyonse.

Thunthu la kalata likhale motere:

"Bwana Woyang'anira Chipatala, ndikupempha ndalama zogulira chakudya cha m'chubu cha wodwala wathu amene anafa ziwalo mbali imodzi ndipo sangathe kumeza popanda kutsamwa. Amalemera makilogalamu 60. Pa kilogalamu iliyonse amafunika makalori 25 patsiku, kutanthauza makalori 1,500, omwe ndi mapaketi 3 a mamililita 500. Pa masiku 30 tikufuna mapaketi 90. Mitengo ya ogulitsa ndaimata kumbuyo kwa kalatayi. Masikuwo akatha tidzamuyezanso ngati wayamba kumeza, n'kukudziwitsani."

Chiganizo chomalizacho musachisiye. Bwana amaopa kusayina ndalama zimene sakuona polekezera pake, makamaka wodwala akakhala woti kutuluka kwake sikukudziwika.

Chimene ambiri amaiwala ndi zipangizo. Kachingwe kochokera pa paketi kukafika pa chubu kamasinthidwa maola 24 alionse, ndiye pemphani 30, pamodzi ndi masirinji akuluakulu otsukira chubu ndi madzi. Ndinaonapo chakudya chitafika bwinobwino koma n'kungokhala m'kabati chifukwa tizingwe tinalibe, ndipo kalata yachiwiri inayamba ulendo wake kuchokera pansi.

Yembekezerani funso lakuti, bwanji osangomupatsa phala losefa? Liyankheni m'kalata momwemo. Kuti phala lidutse m'chubu chopyapyala pamafunika kulisukuluza kwambiri, ndiye wodwala amakhuta madzi koma akuwonda. Likalimba pang'ono limatseka chubu. Ngati sikelo ikuonetsa kuti thupi latsika, kapena zilonda zogonera zayamba pamsana, lembani zimenezo ndi masiku amene munamuyeza.

Wodwala amene wakhala masiku ambiri osadya mokwanira sayamba ndi mapaketi 3 tsiku loyamba. Kumudyetsa mofulumira kumagwetsa fosifeti, potaziyamu ndi maginiziyamu m'magazi, ndipo mtima ungasokonezeke. Choncho mlungu woyamba mapaketi adzachepa, koma onjezani m'pempholo kuyeza magazi, dokotala wa wodiyo asayinenso pansi pa dzina lanu.