Anthirakisi: chikutiro cha kachilombo ndi katemera wa ng'ombe zanu

Alimi anzanga, ng'ombe imene dzulo madzulo imadya bwinobwino mukaipeza m'mawa yafa, mimba ili tuu, magazi akuda osaundana akutuluka m'mphuno, m'kamwa ndi kumbuyo, musaisende. Akhoza kukhala matenda a anthirakisi, omwe aja anapha mvuu zambiri mu Shire ku Liwonde mu 2018.

M'magazi a chiweto muli asilikali a m'thupi amene ntchito yawo ndi kugwira tizilombo, kutimeza ndi kutigaya. Bakiteriya wa anthirakisi akangolowa m'thupi amadzikuta ndi chikutiro choterera. Msilikali akafika amasowa pogwira, monga zimakhalira pogwira mlamba ndi manja, ndipo nthawi zambiri sazindikira n'komwe kuti ndi mdani. Kachilomboka kamatulutsanso poizoni amene amafoola asilikaliwo. Kamaswana popanda choletsa mpaka kudzaza magazi, n'chifukwa chake ng'ombe imafa mwini wake asanaone kuti ikudwala.

Chikutiro chomwechi ndicho umboni wathu. Mlangizi wa ziweto amatenga kadontho ka magazi kukhutu kwa nyama yakufayo, kukapaka pa kagalasi ndi kuthira utoto wobiriwira ngati thambo. Pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono, tizilombo timaoneka ngati timitengo tozunguliridwa ndi mkombero wofiirira. Safunika kutumbula. Mukatumbula inu, tizilombo tikakumana ndi mpweya timasanduka njere zolimba zimene zimakhala m'dothi zaka makumimakumi. Nyamayo itenthedwe yonse kapena ikwiriridwe m'dzenje la mamita 2, agalu asaifikire. Ndikudziwa kuti kukwirira ng'ombe yonenepa kumawawa, koma wosenda ndi wodya onse amatenga matendawa.

Katemera amene timabaya anachokera kwa Max Sterne wa ku Onderstepoort, ku South Africa, m'zaka za m'ma 1930. Iye anapeza mtundu wa kachilomboka umene sutha kupanga chikutiro. Ukabayidwa, asilikali amaugwira n'kuumeza mosavuta, ndipo thupi limaphunzira kulimbana ndi poizoni wake.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Tizilombo ta mu katemerayu ndi tamoyo. Mlimi wabayitsa ng'ombe Lolemba, Lachitatu waona imodzi ikutsokomola, waibaya penisilini kapena okisitetirasaikilini wogula kusitolo. Mankhwalawo apha katemera asanagwire ntchito, ndipo ng'ombeyo ili ngati sinabayidwe. Dikirani masiku 10 musanaipatse mankhwala otere. Ngati yadwala kwambiri moti simungadikire, ichizeni, koma muuzeni mlangizi kuti adzaibayenso katemera.

Chitetezo sichiyamba tsiku lomwelo, chimatenga pafupifupi masabata 2, ndipo chimachepa pakatha chaka. Kumadera kumene matendawa anabukapo, bayitsani chaka chilichonse, mwezi umodzi isanafike nyengo imene amakonda kubuka kwanuko.